Mayi Anastaziya ndi Bwinja la Namphande

Mayi Anastaziya Chikwenga anabadwira m'mudzi wa Namphande, m'boma la Ngauma, m'chaka cha 1964 malinga ndi khadi lawo la ubatizo, kapena 1962 malinga ndi iwo eni. Ndi mayi anga aakulu, obadwa bere limodzi ndi mayi anga, ndipo ndanena zimenezi poyambirira kuti wowerenga adziwe mbali imene ndaima. Sukulu analekera m'kalasi lachitatu. Nthawi ya nkhondo anakhala zaka zisanu ndi chimodzi tsidya la malire, kupitirira Mandimba, ndipo atabwerako mu 1993 anapeza mudzi uli tchire lokhalokha. Amalima chimanga ndi fodya wa m'chigafa. M'chilimwe amaumba miphika, imene amuna awo, bambo Simoni, amakagulitsa panjinga. Bambo Simoni ndi mkamwini wochokera ku Etatara. Akhala pamudzipo zaka zoposa makumi atatu, koma pa nkhani za nthaka amafunsidwa maganizo pokhapokha zonse zitatha.

Kumtunda kwa munda wawo kuli kaphiri kathyathyathya pamwamba, kamene anthu amangokatchula kuti pa Bwinja. M'mbali mwake amalimamo. Pamwamba penipeni, pamene pali mitengo ya misolo, salimapo ndipo satolapo nkhuni, chifukwa amati pagona makolo. Palibe mtanda, palibe mulu wa miyala, palibe chizindikiro chimene mlendo angaone.

Mu Febuluwale wa chaka chimene ndikunenachi kunabwera anthu a kampani ina yokonza msewu wa dothi. Anaboola nthaka ya kaphiriko malo anayi n'kupeza nsangalabwi zabwino, ndipo anati mvula ikatha, kumayambiriro kwa Meyi, ayamba kukumba. Mfumu Namphande ya masiku ano inali ikudwala kwa ana ake ku Lichinga. Choncho amene anakwera shapa, minibasi ya kuno, kupita ku boma kukanena kuti pamenepo pali manda anali mayi Anastaziya. Kumeneko anafunsidwa ngati ali ndi pepala. Analibe. Komabe mkulu wina analemba dandaulo lawo, ndipo patatha milungu itatu kunabwera anthu awiri ochokera ku yunivesite ina ku Nampula: dotolo Olinda, wofufuza mbiri yakale, ndi bambo Hamisse, wokumba zakale m'nthaka. Lipoti lawo ndi limene likanagamula ngati kaphiriko kakumbidwa kapena ayi. Ine ndimaphunzitsa ku Cuamba, kumene anafikira, ndipo ananditenga kuti ndizimasulira, pakuti dotolo Olinda Chinyanja ankangochimva pang'ono.

Tsiku loyamba tinakhala pakhonde, makina ojambula mawu ali pampando. Mayi Anastaziya anafotokoza osapunthwa. Namphande, iwo anati, anabwera ndi alongo ake kuchokera cha ku Amaramba, napeza malo opanda munthu, a njovu zokha. Angoni atayamba kuwotcha midzi, iye anakweza anthu ake pakaphiri. Ndi iyeyonso amene anakangana ndi Apwitikizi za msonkho, ndipo anamwalira chaka cha chimfine chachikulu, nkhondo ya Ajeremani itangodutsa.

"Onsewa ndi munthu mmodzi?" anafunsa dotolo Olinda.

"Namphande ndi Namphande," anayankha mayi Anastaziya.

"Anali ndi dzina lina, la pa ubwana?"

"Mwana wanga, uwauze kuti mfumu sitiitchula dzina la pa ubwana. Ngakhale wa ku Lichingayu ndinamusambitsa ndine, koma sindingamutchule."

Bambo Simoni, amene ankasoka fodya chapatali, anati: "Ine dzina langa la pa ubwana amalitchula tsiku lililonse, ndi mayina ena oonjezera."

"Inu sokani fodya. Mbiri yanu ili ku Etatara."

Kenako dotolo Olinda anatsegula kompyuta n'kutionetsa chithunzi cha pepala limene anajambula kunyumba yosungira zolembedwa zakale ku Maputo. Unali mndandanda wa msonkho wa nyumba wa 1912, wolembedwa ndi kalaliki wa kampani imene inkalamulira Niassa masiku amenewo. Mzere umodzi unati: Nampande, mfumu, wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, nyumba makumi anayi ndi imodzi, mudzi uli m'mbali mwa mtsinje. Ndinamasulira mawu onse monga analili, ngakhale ndinaona kuti sakutikomera. Munthu wa zaka zimenezo mu 1912 anali khanda pa nthawi imene makalata a amishoni amanena za kuwotchedwa kwa midzi, m'ma 1870 ndi 1880. Sakanakweza anthu paphiri. Ndipo pepalalo linaika mudzi kumtsinje, osati pa Bwinja.

"Ndiye pepala likuti ndine wabodza," anatero mayi Anastaziya.

"Ayi, mayi," anatero dotolo Olinda. "Pepala nalonso limanama. Kalaliki zaka za munthu ankangoyerekeza poyang'ana nkhope. Nyumba zina anthu ankamubisira kuopa msonkho. Dzina lenilenilo analilemba molakwika. Koma anali pano chaka chimenecho, ndipo mtsinje anauona ndi maso. Ine ndikuganiza kuti dzinali analowa anthu angapo, ntchito zawo n'kusanduka za munthu mmodzi. Zimachitika kwambiri kumene dzina limalowedwa. Koma kuganiza kwanga sindingakulembe ngati umboni. Ndikufuna wina amene anamva nkhaniyi kwa anthu ena, osati kwa inu."

Monyinyirika, mayi Anastaziya anatchula telala wina wa ku Mandimba, bambo Rashidi, amene anthu amati agogo ake anachokera pa Bwinja. Anati iwo sanayankhulanepo naye. Dotolo Olinda anati zimenezo ndiye zabwino, ndipo anawapempha kuti asapite nafe, kuti mboni ziwirizi zisakopane mawu.

Bambo Rashidi tinawapeza pakhonde la sitolo pafupi ndi msika wa Mandimba, akupalasa makina osokera. Anali a zaka za m'ma makumi asanu ndi awiri. Anayankhula Chiyao chosakaniza ndi Chinyanja, ndipo pamene sindinamve bwino ndinawapempha kubwereza. Sanasiye kusoka. Anati mayi wa agogo awo aakazi, Che Abiti Msusa monga ankatchedwa kwawoko, anatengedwa paphiri la Namphande ali mtsikana. Amalume ake, a Msusa, amene anali atalowa dzina la Namphande, ndi amene anakweza anthu paphiripo. Chaka china cha njala, ataona kuti kutsika kukalima n'kosatheka, anamupereka kwa amalonda a ulendo posinthana ndi mapira ndi wonga wa mfuti.

"Dzina la Msusa analisunga chifukwa cha mkwiyo," anatero bambo Rashidi. "Ankati, ine sindimutchula mfumu ameneyo. Amayi ake a mtsikanayo anafera paphiri pomwepo, anaikidwa pamisolo. Amene anatsitsa anthu kupita kumtsinje ndi mphwake wa Msusa, Likongwe. Ameneyo ndiye wa msonkho."

"Za misolo munakaziona?" anafunsa dotolo Olinda.

"Ndikaone chiyani kwa anthu otigulitsa? Sindinapondeko." Anadula ulusi ndi mano. "Ngati apita kukakumba, auzeni asakumbe pamisolo. Enawo akumbe."

Pobwerera m'shapa, dotolo Olinda analemba m'kope lake mizere itatu yotsika: zonena anthu, zolembedwa, za m'nthaka. Mzere wachitatu unali wopanda kanthu. Anandifotokozera kuti mabanja awiri osayenderana atchula phiri limodzi ndi mitengo imodzi, ndipo kuti Likongwe akugwirizana ndi mfumu ya papepala. Koma kampani ikanatha kunena kuti ndi nkhani chabe. Pankafunika kuti nthaka ionetse kuti paphiripo panakhaladi mudzi, ndi kuti unalipo liti.

Apa ndi pamene mayi Anastaziya analakwitsa, ndipo ndiyenera kunena kuti analakwitsa chifukwa chofuna kuthandiza. Anali atamva bambo Hamisse akunena kuti adzafuna mapale, zidutswa za miphika yakale. Masiku awiri amene ife tinali ku Mandimba ndi ku Cuamba, iwo anaitana amayi a mumpingo wawo. Anakwera m'mbali mwa Bwinja ndi makasu, natola phale lililonse looneka, nakumba paliponse pamene ankadziwa kuti khasu limagunda mapale, mpaka kufika m'mawondo. Anawatsuka kumtsinje ndi mchenga, monga amatsukira mphika wopita kumsika, n'kuwasanja aakulu paokha, aang'ono paokha. Titafika tinapeza matumba awiri a feteleza ali chilili pakhonde.

Bambo Hamisse anasuzumira m'thumba limodzi, natulutsa phale, nalitembenuza. Anakhala pansi pa chitsa.

"Ili munalitenga pati, mayi?"

"Pa Bwinja."

"Mbali iti? Pamwamba, kapena pansi pokumba?"

"Onse ndi a pa Bwinja. Mukafuna ena alipo."

Bambo Hamisse anayankhula modekha, ndipo ine ndinamasulira modekha momwemo. Anati phale palokha silinena zambiri. Chimene chimanena ndi malo amene lagona: chili pansi chinayamba, chili pamwamba chinabwera pambuyo, ndipo makala kapena mkanda wogona nalo limodzi ndi umene umathandiza kudziwa zaka. Mapale a m'thumba, osakanizika ndi otsukidwa, wina angathe kunena kuti anatoledwa kwina kulikonse. Ndipo maenje amene amayi aja anakumba anasokoneza malo enieni amene iye ankafuna kuyesa.

"Ndimati ndiwapeputse ntchito," anatero mayi Anastaziya kwa ine, osati kwa alendo.

"Ndinanena ine kuti dikirani eni ake," anatero bambo Simoni.

"Munanena liti? Si inu munanyamula thumba lachiwiri?"

Madzulo a tsiku limenelo tinazungulira kaphiri konse. M'mbali munali molimidwa zaka zambiri, ndipo mizere ya fodya ndi yaitali, khasu limalowa kwambiri. Pamisolo bambo Hamisse anakana okha kukumbapo, mayi Anastaziya asananene: anati manda sakumbidwa pofuna kutsimikiza kuti ndi manda. Panatsala malo amodzi. Chigafa cha mayi Anastaziya chili pakhosi pa kaphiriko, pamalo osalala. Anati chinamangidwa pamene panali chigafa cha mayi awo, ndipo pansi pake sipanalowepo khasu chikumbukire iwo. Koma munali mu Epulo, ndipo chigafacho chinali chodzaza ndi fodya wa masamba apakati, amene amagulidwa bwino, ali pakati pouma. Kuti anthu akumbe ndi kusefa dothi, fodya wa m'zipinda ziwiri za chigafacho anayenera kutsitsidwa, ndipo fodya wotsitsidwa asanaume amathothoka ndi kuda.

Palibe amene anapempha mayi Anastaziya kuti atero. Bambo Hamisse anangonena kuti malowo ndi abwino, n'kuyang'ana kumbali.

"Milungu iwiri yokha auma," anatero bambo Simoni.

"Lipoti likufunika pa 25," anatero dotolo Olinda. "Pepani, bambo."

Mayi Anastaziya analowa m'chigafa, nagwira tsamba limodzi, nalipinda pakati pa zala. Kenako anayamba kumasula okha mkangala woyamba, mtengo wopachikapo fodya. Fodyayo anakamukoloweka m'khitchini ndi pakhonde la tchalitchi, ndipo wambiri anatsika giredi pogulitsa. Bambo Simoni nkhani imeneyi amaikambabe.

Dzenjelo linali la mita imodzi m'lifupi, mamita awiri m'litali, lomangidwa ndi zingwe. Anakumba masiku asanu, pang'onopang'ono, ndi kasupuni ka omanga nyumba, masentimita khumi nthawi imodzi. Dothi lonse linkadutsa m'sefa. Chilichonse chopezeka chinkalowa m'kathumba kolembedwa kuya kwake. Mayi Anastaziya anapatsidwa ntchito ya pasefa, ndipo bambo Hamisse anavomereza kuti maso awo ankaona phale msanga kuposa ake.

Pansi pa dothi lopondedwa la chigafa panatuluka mapale opyapyala, zidutswa za dothi lopsa la khoma zokhala ndi mikwingwirima ya mitengo, mikanda yagalasi khumi ndi inayi, yoyera ndi yofiira, ndi mwala umodzi wa mfuti ya gogodela. Mayi Anastaziya anatenga phale lina la pakamwa pa mphika nalisisita ndi chala.

"Uyu anapinda mlomo ngati amayi. Mizere iyi timalemba ndi kansungwi, mphika usanaume."

Bambo Hamisse analemba mawu amenewo ndi dzina lawo. Anati mikanda ya mtundu umenewo inkabwera ndi amalonda ochokera kunyanja yamchere m'zaka za m'ma 1800, ndipo pa zaka zaposachedwa chotero mikanda imathandiza kuposa makala, chifukwa kuyeza makala sikusiyanitsa bwino zaka mazana atatu zapitazi.

Tsiku lachinayi, atadutsa dothi lofiira lopanda kanthu lokwana chikhato, anapezanso mapale ena. Awa anali ochindikala, okongoletsedwa mwa njira ina, ndipo pamodzi nawo panali zibuma zakuda zolemera, zotsala posungunula chitsulo, ndi makala ambiri. Mikanda yagalasi panalibe. Mayi Anastaziya anayang'ana phale limodzi nthawi yaitali.

"Awa si athu," anatero. "Dongo lake ndi la kudambo lomweli, koma dzanja si lathu."

Anapita kukakhuthula matumba awo aja pamphasa. Mitundu iwiri yonse inalimo, yosakanizika. Anaisankhula okha milu iwiri, osauzidwa, ndipo bambo Hamisse anasuntha mapale atatu okha. Anati ngakhale sangawalembe ngati umboni wa zaka, akuonetsa kuti mitundu iwiriyi inali ponseponse m'mbali mwa phiri, osati pansi pa chigafa pokha.

Lipoti lisanatumizidwe, dotolo Olinda anaumirira kuti liwerengedwe kwa mayi Anastaziya m'Chinyanja, ndipo ndinawerenga ndine. Linati: n'zotsimikizika, chifukwa nthaka ndi mabanja awiri zikugwirizana, kuti pa Bwinja panali mudzi m'zaka za m'ma 1800. N'zooneka kuti ndi zoona, chifukwa mawu a bambo Rashidi akugwirizana ndi pepala la 1912, kuti mafumu anali awiri kapena kuposa, ndipo wachiwiri anatsitsira mudzi kumtsinje. Za manda pamisolo zanenedwa ndi mabanja awiri osayenderana. Sizinayesedwe, ndipo ziyenera kulemekezedwa. Pansi pa zonsezi pali mudzi wina wakale kwambiri wa anthu osungunula chitsulo, amene mbiri ya pakamwa siwatchula ndipo mapepala sawadziwa. Mawu oti malowo anali a njovu zokha akhoza kutanthauza kuti anthu amenewo anali atachoka kalekale, kapena kuti ofotokoza anawasiya dala. Lipoti silinasankhe.

Nditafika pa ndime ya mtsikana wosinthidwa ndi mapira, ndinachepetsa liwiro. Ndinali nditaganiza zoilumpha, koma sindinatero.

"Zimenezo achotse," anatero mayi Anastaziya.

"Ndikachotsa," anatero dotolo Olinda, "ndachotsa chifukwa chimene banja lija linasungira dzina la Msusa ndi misolo. Umboni wawo ndi wolimba chifukwa sakukukondani. Koma ndi mbiri ya banja lanu. Mukakana, ndingolemba kuti banja lina linatchula mayina awiri, ndipo owerenga adzafunsa kuti linawadziwa bwanji."

Mayi Anastaziya anafunsa dzina la mtsikanayo. Ndinawauza mmene ankatchedwera ku Mandimba, ndi kuti dzina lake la kuno palibe akulidziwa. Anakhala akukanda dongo louma m'zikhadabo.

"Amayi ankati kunali mlongo wina amene anadyedwa ndi mkango," anatero. "Mwina ndi ameneyo. Mwina ayi." Kenako anati: "Lisiyeni momwemo."

Dotolo Olinda analembanso za mkangowo, ndi mawu akuti mwina.

Yankho linabwera pa 9 Meyi. Pamwamba pa Bwinja ndi pakhosi pake, kuphatikizapo chigafa, panaikidwa zikhomo za simenti, ndipo kampani inauzidwa kukakumba mamita mazana anayi kum'mawa. Mbali ya kumunsi, imene amayi aja anakumba, sinalowe m'zikhomo, chifukwa panalibenso chosunga. Zotsatira za makala a pansi zinafika mu Seputembala kuchokera ku South Africa, zikuti pakati pa 1450 ndi 1630. Ndinaimbira foni mayi Anastaziya kuwauza. Anafunsa kuti bwanji asayansi sangathe kunena chaka chimodzi, ndipo nditafotokoza anati ndiye nawonso amayerekeza ngati kalaliki uja.

Malo atsopano a nsangalabwi anagwera m'munda wa chinangwa wa msuweni wa mayi Anastaziya, amene mpaka lero sawapatsa moni. Pamisolo sipanagwe mtengo. Mayi Anastaziya akulimabe fodya, ndipo dzenje la m'chigafa analikwirira okha, bambo Hamisse atayala pulasitiki pansi pake kuti wodzakumba wina adzadziwe pamene iwo analekera. Mwezi wa Okutobala, pokagula mchere ndi nsomba za ku Amaramba pamsika wa Mandimba, anandipempha kuti ndiwaonetse khonde la telala uja. Anaima tsidya la msewu kwa kanthawi, dengu lili pamutu. Kenako anawoloka, natula dengu, nagwada pang'ono.

"Ndine wa kwa Namphande," anatero. "Pamisolo sanakumbe."

Bambo Rashidi anaimitsa makina, nachotsa nsalu zimene zinali pabenchi kuti mayiwo akhale.